Foni yanga ikuti mahedifoni ali mkati pomwe ndinazula kale, thandizeni

Nabanda wa pachigayo: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Abale foni yanga yandisokoneza mutu, pamwamba pa sikilini pakuoneka kachizindikiro ka mahedifoni koma mahedifoni mulibe, ali mu chikwama. Munthu akandiimbira sindikumva chilichonse pokhapokha ndiike pa laudi nde nkhani zonse anthu akumva nawo pachigayo pano, voisi ya pa WhatsApp sikumveka, nyimbo zii. Ndazimitsa ndikuyatsanso koma palibe chasintha. Ndi foni ya Android wamba yomweyi ya kabowo ka mahedifoni pansi pafupi ndi potchajira. Kodi sipika yapsa?

Chimzy: Anti imeneyo ndi softiweya yasokonekera, kafulashitseni basi. Yanga inapangapo zofanana ndi zimenezo

Achimwene a ku Joni: Onani Bluetooth mwina yalumikizana ndi kasipika ka mwana kunyumba. Ine zimandichitikira ndi wayilesi ya mgalimoto, ndili mnyumba foni ikulankhula panja kkkk

Nabanda wa pachigayo: Bluetooth ndi yozimitsa achimwene, sindiigwiritsanso ntchito ine

Mjomba wa mafoni: Mayi musafulumire kufulasha, mutaya zithunzi ndi manambala pachabe. Ndiyankheni kaye izi. Munthu akakuimbirani foniyo ikulira? Ndikutanthauza kulira kwa kuitana kuja musanayankhe. Komanso ikani alamu ya mphindi imodzi kutsogoloku mumve ngati ilire

Nabanda wa pachigayo: Ikulira bwinobwino mjomba, alamu nayo yalira mokweza

Mjomba wa mafoni: Nde sipika ndi yamoyo imeneyo, musadandaule nayo. Mafoni ambiri a Android kuitana ndi alamu amakutulutsira ku sipika ngakhale mahedifoni ali mkati, kuti munthu asaphonye foni akasiya mahedifoni patebulo. Nyimbo, mavidiyo ndi voisi ndi zomwe zimathamangira ku mahedifoni okha. Nde zomwe mukufotokozazi zikugwirizana ndi foni yomwe yakhulupirira ndi mtima wonse kuti mwabaya pulagi.

Chinanso choyesa, tsegulani FM Radio ya mufoni momwemo opanda kubaya kanthu. Paja wayilesi ya mufoni imagwiritsa ntchito waya wa mahedifoni ngati eriyo, nde pa mafoni ambiri ukaitsegula opanda mahedifoni imakana ndikukuuza kuti ubaye kaye. Ikatseguka osadandaula ndiuzeni

Nabanda wa pachigayo: Yatseguka mjomba! Masiku onse imakana koma lero yangolowa, kungoti sikumveka kanthu

Mjomba wa mafoni: Eya. Vuto lili mu kabowoko kapena pa njira yochokera ku kabowoko kupita ku bodi

Chimzy: Komatu mjomba softiweya nayo imatha kupanga zimenezi, pali ma apu ena a nyimbo ndi oonjezera voliyumu amasokoneza saundi

Mjomba wa mafoni: Zoona aise, zimachitika, koma mwa apo ndi apo. Ndipo kuyesa kwake sikufuna kufulasha. Mayi gwirani batani lozimitsira, pakabwera mawu oti Power off pa sikilini muwadinikize ndi chala osachotsa, mafoni ambiri amafunsa ngati mukufuna Safe mode. Ikayaka mu Safe mode ma apu onse omwe munaika nokha amakhala atagona, imatsala foni yokha momwe inabwerera. Kachizindikiro kakakhalapobe mmenemo nde kuti si apu. Potuluka mungozimitsa ndikuyatsa mwa masiku onse

Nabanda wa pachigayo: Ndapanga, pansi palembedwa Safe mode koma ka hedifoni kadakali pompo pamwamba

Chimzy: Chabwino ndagonja kkkk

Mayi a mapasa: Pepani ndilowerere, ine yanga ikumalemba kuti ikutchaja pomwe tchaja mulibe, ndi matenda omwewa?

Mjomba wa mafoni: Ndi pachibale koma bowo lake ndi lina mayi, lanulo ndi la tchaja ndipo mmenemo mumadutsa magetsi, musatokosemo ndi chitsulo. Yambitsani nkhani yake payokha tikambirane, apa tingasokoneze a Nabanda.

A Nabanda ndifotokoze pangono momwe foni imadziwira kuti mwabaya mahedifoni, mukamvetsa ichi mutsuka mwanzeru. Mkati mwa kabowo kaja ka 3.5 mm muli timalilime ta chitsulo tatingono tokhala ngati masipulingi, tomwe timagwira pulagi mmbali. Tina ndi ta mawu a khutu lakumanzere ndi lakumanja, kena ka maiki, kena ka girawundi. Nde pali kena kapadera komwe ntchito yake ndi kuuza foni kuti kwalowa chinthu, nthawi zambiri kamakhala chakumapeto kwenikweni kwa bowo. Mapangidwe ake alipo awiri omwe ndimakumana nawo. Pena timalilime tiwiri timakhala togundana bowo likakhala lopanda kanthu, pulagi ikalowa imakankha kamodzi ndikutilekanitsa, foni ndikudziwa. Nde ngati kaulusi ka mthumba kapena fumbi louma lalowa pakati pa tiwirito, timakhala tolekana mpaka kalekale, foni imati pulagi ikadali momwemo. Pena ndi mosiyana, kalilimeko kamakhala payekha ndipo chitsulo cha pulagi ndi chomwe chimakalumikiza ndi kanzake. Mtundu umenewu fumbi louma siliuvutitsa kwenikweni koma madzi, thukuta kapena dzimbiri zimalumikiza mmalo mwa pulagi. Nchifukwa chake ndikufuna kudziwa, foniyi mumaisunga pati ndipo yanyowapo posachedwapa?

Nabanda wa pachigayo: Ndimaiika mthumba la epuloni ndikamagwira ntchito, ufa nde osanena umalowa paliponse ngakhale mmakutu. Dzulo madzulo mvula inandipeza panjira, sinanyowe kwambiri koma chikwama chinali chonyowa. Mmawa uno ndinamverako wayilesi ndi mahedifoni, nditazula mpomwe zinayamba

Mjomba wa mafoni: Basi nkhani ndi imeneyo. Ufa unali mkatimo kale, wakumana ndi chinyezi wasanduka phala, pulagi yanu mmawa uno yakankhira phalalo kumapeto komwe kuli kalilime kaja

Chimzy: Ikani mu mpunga usiku wonse anti, mpunga umakoka madzi

Dokotala wa mawaya: Mpunga ayi chonde. Sukoka madzi kuposa mphepo wamba, ndipo uli ndi fumbi lake loyera lija ndi timisere tomwe timalowa mmabowo. Munthu vuto lake ndi ufa mukumuonjezera ufa wina kkkk. Ingoikani foni yozimitsa pamalo podutsa mphepo, bowo litayang'ana pansi. Padzuwa ayi, pafupi ndi mbaula ayi, batire silifuna kutentha

Mjomba wa mafoni: A Dokotala anena zoona. Tsopano kutsuka kwake. Zimitsani foni kaye, kuzimitsa kwenikweni osati kungothimitsa sikilini. Chotsani kava. Bwerekani foni ya munthu wina muunike ndi tochi mkati mwa bowo, mutiuze mukuona chani. Bowo loyera umaona timalilime tonyezimira mmbali ndipo pansi pake pamaoneka pakuda bwino. Mukaona zoyera kapena zotuwa zodzadza pansi ndi zinyalala. Mukaona zobiriwira ndi dzimbiri, imeneyo ndi nkhani ina

Nabanda wa pachigayo: Ndaunika, pansi pake pali zoyera ngati nsima youma, timalilime ndikuona tiwiri tokha tikunyezimira. Zobiriwira sindikuona

Mjomba wa mafoni: Zili bwino. Pezani chotokosera mmano cha mtengo, chija cha mmalesitilanti. Chikakhala chonenepa chisongoleni pangono ndi lezala koma nsonga isakhale yoonda kwambiri ingathyokere mkati. Gwirani foni bowo litayang'ana pansi kuti zomwe mukutokosa zizigwa panja osati kubwerera mkati. Lowetsani pangonopangono pakati penipeni mpaka mumve kuti mwafika pansi, nde muzikanda pansipo mopepuka ndikukokera kunja. Chachikulu apa musamapanikize mmbali ngati mukutsegula chitini, mmbalimo ndi momwe muli timalilime, kamodzi kakapindika palibenso kutsuka komwe kungathandize. Mukakanda pangono gogodani foniyo pachikhatho, unikaninso, bwerezani. Musathamange

Achimwene a ku Joni: Ine ndimagwiritsa singano kapena kaphini kotsegulira simu, kamalowa bwino kuposa mtengo

Mjomba wa mafoni: Achimwene mwakhala ndi mwayi chabe. Timalilime timeneti tili ndi kachikuto kopyapyala koletsa dzimbiri, singano imakanda chikutocho nde pakapita miyezi dzimbiri limayambira pomwepo. Komanso singano imakola kalilime mosavuta ndikukapinda osadziwa. Mafoni ambiri obwera pa benchi panga ndi vuto ili amakhala oti mwini wake anayamba walowetsamo phini, likanakhala vuto la mphindi zochepa limasanduka losintha jeki yonse, kutanthauza kabowoko ndi timalilime take

Gogo wa ku Ntcheu: Kodi osangouzira ndi pakamwa bwanji ana inu, ife makaseti timangouzira

Dokotala wa mawaya: Agogo mpweya wa mkamwa uli ndi chinyezi, nde pa ufa ngati uwu mukungokanda phala lina. Ngati pali kapampu kamphira kaja kopemerera fumbi, kapena sirinji yatsopano yopanda singano, zimenezo zimapemerera mpweya wouma

Nabanda wa pachigayo: Abale zatuluka zinthu! Kachibulunga koyera kolimba komanso ulusi wabuluu wa epuloni wopiringizana, sindimadziwa kuti kabowo kakangono chonchi kangasunge zonsezi. Ndayatsa koma kachizindikiro kakadalipo

Mjomba wa mafoni: Musataye mtima, chachikulu chatuluka koma chomata pa kalilime chikadalipo. Musanazimitsenso yesani ichi. Tengani mahedifoni anu mupukute pulagi ndi kansalu kouma, mubaye mpaka imveke kuti thi, muizungulize pangono, muzule. Bwerezani kangapo mukuyang'ana kachizindikiro kaja. Mundiuze zinthu ziwiri, ngati pulagi ikulowa yonse mpaka kumapeto osatsala chitsulo chooneka panja, komanso ngati kachizindikiro kakuphethira kapena kuchoka ngakhale kwa kamphindi pomwe mukuzula

Nabanda wa pachigayo: Ikulowa yonse tsopano, ndipo masiku apitawa imatsala pangono ndimaganiza kuti mahedifoni ndi omwe atha. Kachizindikiro kanachoka kamodzi kenako kabweranso

Mjomba wa mafoni: Kuchoka kumeneko ndi nkhani yabwino kwambiri. Zikutanthauza kuti kalilime kakuyenda ndipo bodi ikumva, kungoti pali chomata chomwe chikukagwira. Chikanakhala cha pa bodi sikakanasuntha olo pangono.

Tsopano pakufunika mowa wotsukira zamagetsi uja timati aisopulopo, wa 90% kupita mmwamba, ife timagwiritsa wa 99%. Ubwino wake umauma msanga ndipo susiya kanthu. Okonza mafoni ambiri ali nawo, mukapita ndi kabotolo kakangono angakugawireni, madontho ochepa okha ndi okwanira. Tengani kamtengo ka thonje ka mmakutu, thonje lake ndi lalikulu silingalowe nde muthothole lambiri kutsale kochepa kokulunga mwamphamvu. Kapena kulungani kathonje kochepa kwambiri pa chotokosera mmano chija. Munyowetse pangono, mufinyire pa nsalu kuti kasamadonthe, foni yozimitsa, mulowetse ndikuzunguliza mbali imodzi yokha. Mukazunguliza uku ndi uku thonje limamasuka ndikutsalira mkati. Mukatulutsa muona lada kapena layera ndi ufa, sinthani thonje mpaka lizituluka loyera. Osathira mowawo mwachindunji mu bowo, umatha kuyenderera mpaka kuseri kwa sikilini ndikusiya mabanga

Nabanda wa pachigayo: Kuno ndi kutali ndi tauni mjomba, ndili ndi sanitayiza komanso sipiriti ya pepo ija. Sizingagwire?

Mjomba wa mafoni: Sanitayiza ayi ndithu, muli gilisalini ndi zina zofewetsa manja, ikauma imasiya zomata nde ufa wonse wa pachigayo uzidzakakamira pomwepo. Sipiriti ya pepo ili ndi utoto komanso madzi pangono, ine sindiikonda

Dokotala wa mawaya: Apa mjomba tisiyana pangono. Kumudzi komwe aisopulopo kulibe ine sipiriti ndaigwiritsapo ntchito pa majeki ambiri osaona vuto, bola thonje likhale longonyowa pangono ndipo uidikire iume mokwanira. Utoto wake ndi wochepa kwambiri. Kusiyana ndi kusiya phala la ufa likuwola mkatimo ndi chinyezi

Mjomba wa mafoni: Mwina pa jeki yokha zingatheke, koma ine ndaona anthu akamva kuti sipiriti ndi yololedwa amathira ngati akutsuka bala. Mayi ngati mugwiritse imeneyo finyani thonje mpaka lingotsala lozizira chabe, ndipo mudikire ola lathunthu musanayatse, bowo litayang'ana pansi

Kabaza Boy: Mabwana ine langa ndi lina koma lofanana. Foni inagwa mahedifoni ali mkati, pulagi inathyoka kansonga kanatsalira momwemo. Panopa ikuti mahedifoni alimo, chabwino sikunama alimodi kkkk. Mnzanga akuti ndipake supagulu pa kamtengo ndimate kansongako ndikoke

Mjomba wa mafoni: Aise supagulu usayerekeze. Kadontho kakangotsetsereka mmbali wamatiratu kansongako ku jeki mpaka muyaya, timalilime tonse tomatika. Yesa kachubu ka inki ka mkati mwa bolopeni, mbali yakumbuyo yopanda inki. Kukula kwake kumayandikira kwa pulagi nde ukakakankha mwamphamvu pangono kamatha kuvala kansonga kothyokako ndikukagwira, kenako umakoka mowongoka. Zimatheka ngati pothyokapo patsala kachitsulo kotulukira pakati. Ngati kanathyoka mosalala ndipo kali pansi penipeni pita nayo kwa okonza, majeki ena ukatsegula foni umatha kukankha kansongako kuchokera kumbuyo, ena ndi otseka nde timangosintha

Kabaza Boy: Kali pansi penipeni, bolopeni ikungoterereka. Nde ndizingoyankha pa laudi pa njinga basi

Achimwene a ku Joni: Gula ka Bluetooth ka kukhutu aise, ukalumikiza mawu amapita kumeneko

Dokotala wa mawaya: Pa mafoni ambiri zimatheka chifukwa chomwe chalumikizidwa pomaliza ndi chomwe chimatenga mawu, koma ayese kaye ndi ka mnzake asanagule, ena amakakamirabe ku waya

Chimzy: Palinso ma apu pa Play Store okakamiza mawu kupita ku sipika ngakhale foni ikuona mahedifoni. Anti angoika imeneyo nkhani yatha

Mjomba wa mafoni: Alipo ndipo pa Android zakale amagwira. Kuyambira cha pa Android 11 ambiri anasiya kugwira bwino chifukwa njira yomwe amadutsira inatsekedwa. Komanso amenewo sachotsa chomwe chili mu bowo, ngati muli chinyezi dzimbiri likupitirira kudya iwe ukumvera nyimbo. Kwa Kabaza Boy yemwe akudikira ndalama yokonzetsera angayese, kwa a Nabanda ayi, awo atsala pangono kumaliza

Mayi a mapasa: Nanga foni ya mwamuna wanga ilibe kabowo ka mahedifoni koma nayo inalembapo kuti mahedifoni alumikizidwa, zimatheka bwanji?

Dokotala wa mawaya: Imeneyo mahedifoni ake amalowera potchajira pa Type-C. Mkati mwake muli timapini tomwe foni imayezera kuti chalowa ndi chani, tchaja kapena mahedifoni, nde madzi kapena litsiro zikagwira timapini timeneto imaganiza molakwika. Kutsuka kwake nkosiyana chifukwa pakati pali kalilime kopyapyala kosachedwa kuthyoka, monga ananena mjomba yambitsani yake

Nabanda wa pachigayo: Ndabwera abale. Ndinatuma mwana kwa mnyamata wokonza mafoni pa tiledingi anandigawira kamowa koyera kaja mu kabotolo ka mankhwala. Thonje loyamba linatuluka lotuwa ndi zomata, lachiwiri pangono, lomaliza loyera. Ndadikira ndayatsa, KACHIZINDIKIRO KACHOKA. Voisi ikumveka, ndamuimbira mchemwali wanga ndikumumva kukhutu bwinobwino. Mulungu akudalitseni mjomba

Mjomba wa mafoni: Tathokoza mayi koma tisavine kaye, tiyese bwino. Tsegulani FM Radio opanda mahedifoni, ikuyenera kukana ngati kale. Kenako bayani mahedifoni, kachizindikiro kabwere nthawi yomweyo, mumvere nyimbo makutu onse awiri. Nyimbo ikuyimba choncho gwedezani pulagi pangono ndikuizunguliza, isamadukeduke kapena kuima yokha. Mujambule voisi ndi mahedifoni ali mkati kuti timve ngati maiki ya pa waya ikugwira. Pomaliza zulani, kachizindikiro kachoke pasanathe sekondi imodzi kapena ziwiri. Kubaya ndi kuzula mubwereze kangapo, pena mofulumira pena pangonopangono

Nabanda wa pachigayo: Wayilesi yakana, makutu onse akumveka, voisi yajambulika. Koma ndikazula pangonopangono kachizindikiro kakumachedwa kuchoka mwina masekondi asanu, ndikazula mwachangu kakuchoka pompo. Ndikagwedeza sikuduka

Mjomba wa mafoni: Hmm. Kuchedwa pangono kulipo mwadala, foni imadikira kaye kuti itsimikize isamasinthesinthe pulagi ikangogwedezeka, koma masekondi asanu achuluka. Mwina mukadali kachinyezi kapena kotsalira komwe kakupangitsa kalilime kubwerera mwaulesi, mwinanso sipulingi yake yafooka. Isiyeni igone yozimitsa usiku uno pouma, mawa muyesenso. Ikapitiriza mutsukenso kamodzi ndi thonje, osaposera apo

Dokotala wa mawaya: Ine ndikuona ngati ndi sipulingi. Paja anati pulagi imatsala panja kwa masiku, kutanthauza kuti amaikankha mwamphamvu pa chibulunga chija nde kalilime kakhala kopanikizika nthawi yaitali. Chinyezi chikanapangitsa kuchedwa kulikonse, kuzula mwachangu kapena pangonopangono

Mjomba wa mafoni: Zingatheke. Kungoti kuzula mwachangu kumagwedeza kalilime nde ngakhale komata kamatha kudumpha. Tiona mawa

Chimzy: Nanga ikakhala sipulingi ndiye kuti foni yatha?

Mjomba wa mafoni: Ayi. Mafoni ambiri omwe jeki ili pansi imakhala pa kabodi kakangono kamodzi ndi potchajira ndi maiki, kolumikizidwa ku bodi yaikulu ndi lamba. Kameneko umangomasula ndikuika kena, ntchito yosavuta bola kapezeke ka mtundu wa foniyo. Ena jeki ndi kachidutswa kapayokha kongokhazika. Ovuta ndi omwe jeki inawotchereredwa pa bodi yaikulu, pamafunika wodziwa kugwira mpweya wotentha. A Nabanda mukadzapita kokonzetsa muuzeni wokonzayo achotse kaye lamba wa kabodi kapansi ndikuyatsa foni. Kachizindikiro kakachoka lamba atachotsedwa vuto lili pa kabodiko kapena jeki, kakakhalapobe nde mwina lili ku bodi yaikulu ndipo kusintha jeki kungakhale kutaya ndalama, kungoti pa mtundu uja wa timalilime togundana kamatha kukhalapobe ngakhale bodi ili bwino. Wina akangoyamba ndi mawu oti tifulashe musanaone zimenezi tengani foni yanu

Achimwene a ku Joni: Pa Samsung pali kodi yoyesera, umalemba *#0*# poimbira pamabwera mabokosi, pali Receiver ndi Speaker umadina ndikumva ngati zikulira

Mjomba wa mafoni: Eya imeneyo imathandiza kudziwa ngati kasipika ka kukhutu ndi sipika yaikulu zili zamoyo, koma ndi ya Samsung, pa mafoni ena siigwira. Ya a Nabanda tayesa kale ndi alamu ndi kuimba

Gogo wa ku Ntcheu: Ine mahedifoni a mdzukulu wanga ndikabaya mufoni yanga oimba amamveka ngati ali mchitsime, ndikadina kabatani ka pawaya mpomwe amamveka bwino. Nalonso ndi fumbi?

Dokotala wa mawaya: Agogo limenelo si fumbi kwenikweni. Pulagi ya mahedifoni a maiki ili ndi zigawo zinayi, ndipo pali kalumikizidwe kawiri, CTIA ndi OMTP, komwe maiki ndi girawundi zinasinthana malo. Mafoni a masiku ano ambiri ndi CTIA, akale ena anali OMTP. Mukasakaniza mawu a oimba amasowa mpaka mudine batani, ndendende momwe mukuneneramo. Koma onani kaye ngati pulagi ikulowa yonse, kava yonenepa nayo imapangitsa zofanana. Ikakhala ikulowa yonse mahedifoniwo mbwezereni mdzukulu mupeze ena

Nabanda wa pachigayo: Nanga kuti ufa usalowenso nditani poti ntchito ndi yomweyi

Mjomba wa mafoni: Pali timapulagi ta mphira totsekera bowo la 3.5 mm, ogulitsa makava ena amakhala nato. Kapena kava yokhala ndi kachitseko pa bowo. Zikasowa ikani foni mu kajumbo koyera kotseka pakamwa nthawi ya ntchito, ndipo mthumba muziika bowo litayang'ana mmwamba chifukwa ulusi ndi ufa zimasonkhana pansi pa thumba. Selotepi ayi, imasiya zomata pakamwa pa bowo

Nabanda wa pachigayo: Mwadzuka bwanji. Ndayesa mmawa uno, kuchedwa kwachepa koma kukadalipo pangono ndikazula mwaulesi, mwina masekondi awiri kapena atatu. Zina zonse zili bwino. Nditsukenso kapena ndiisiye?

Dokotala wa mawaya: Ngati kwachepa usiku umodzi nde mwina mjomba amanena zoona za chinyezi, koma sipulingi sindinaichotse mlandu

Mjomba wa mafoni: Isiyeni kaye mayi, musalowetsemonso kanthu sabata ino kupatula mahedifoni. Kachizindikiro kakadzabwera kokha foni ili mthumba osabaya chilichonse, kapena nyimbo ikayamba kumaima yokha, mudzatiuze ndipo mukadzaunike ngati mwayamba zobiriwira

Kabaza Boy: Mjomba yanga ija ndapita nayo, akuti jeki yake ndi yowotcherera pa bodi yaikulu ndipo kumbuyo ndi yotseka. Ndisinthe kapena angoichotsa jekiyo ndikhale opanda?

Mjomba wa mafoni: Kungoichotsa samala nako, ngati ndi mtundu uja wa timalilime togundana ukachotsa jeki foni imaonabe ngati tatseguka nde imakhalabe pa mahedifoni, pamafunika alumikize timiyendo tiwiri pa bodi kuti ione ngati bowo lili lopanda kanthu. Mufunse ngati wayeza ndi mita kuti adziwe mtundu wake. Nditumizire chithunzi cha bodiyo mbali ya jeki ndione